Masamba a Chichewa pa intaneti: komwe ali, kasakidwe kake, ndi momwe mungazindikirire onama

Funso lomwe limabwerabwera m'magulupu athu a WhatsApp ndi lakuti, kodi pa intaneti pali za Chichewa zenizeni, kupatula nthabwala ndi mavesi a m'mawa? Zilipo, koma ndi zochepa, zamwazikana, ndipo pakati pake pali zinyalala zambiri. Vuto lake ndi lakuti ife tikaona chinthu chalembedwa m'chilankhulo chathu mtima umakhala pansi msanga, timangoti ameneyu ndi wakwathu. Chonsecho masiku ano munthu woti sanapondepo ku Malawi, sadziwa ngakhale "muli bwanji", atha kutulutsa masamba 5,000 a Chichewa tsiku limodzi pongodina batani. Ndiye chilankhulo pachokha si umboni. Apa ndikulemba zomwe ineyo ndimagwiritsa ntchito ndikamasaka nkhani zoti ndilembe.

Komwe Chichewa cholembedwa ndi anthu chimapezeka

Yambani ndi nyumba zofalitsa nkhani, chifukwa kumeneko kuli mkonzi, kuli ofesi yodziwika, ndipo akanama pali poti mukawapeze. A Nation ali ndi Tamvani ndi Msangulutso, masamba a Chichewa otuluka m'nyuzi zawo za kumapeto kwa sabata, komanso nyuzi ya Fuko yolembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Nkhani zawo za Chichewa zimapezeka pa `mwnation.com`. A Zodiak, a Times ndi a MBC masamba awo ambiri ndi a Chingerezi, Chichewa chawo chochuluka chili pa Facebook ndi m'mavidiyo.

Gulu lachiwiri ndi la zipembedzo, ndipo kunena zoona ndi lomwe lili ndi Chichewa chambiri komanso chosamalidwa bwino. Pa `bible.com` pali Buku Lopatulika, lomwe linatuluka koyamba mu 1922, ndi Buku Loyera la mu 1998. Pa `jw.org` pali nkhani zambirimbiri, zina zokhudza banja ndi umoyo, zomasuliridwa ndi anthu enieni. Chilankhulo chake mutha kuchidalira. Mfundo zake kumbukirani kuti ndi za mpingowo, musazitenge ngati mawu a unduna wa zaumoyo. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo anthu amazisokoneza: tsamba litha kukhala ndi Chichewa chokoma koma lili ndi mbali yomwe likukokera.

Kenako pali tinthu tapatalipatali toyenera kutidziwa. `africanstorybook.org` ili ndi timabuku ta ana taulere m'zilankhulo za mu Africa, Chichewa chili momwemo. Bungwe la Hesperian linaika pa intaneti zigawo za buku la Pamene Palibe Dokotala m'Chichewa. Dikishonale ya Steven Paas, ya Chichewa ndi Chingerezi, nayo ili pa intaneti. Ndipo pali Wikipedia ya Chichewa pa `ny.wikipedia.org`, yomwe ndi yaing'ono zedi, nkhani zambiri ndi ziganizo zitatu basi.

Chifukwa chake Google amakubwezerani za ku Kenya

Lembani mawu oti `nyama` pa Google muone. Mubwera nyama choma ya ku Nairobi. Lembani `moto`, akupatsani mafoni a Motorola. `mpira` ndi mawu a Chiswahilinso, ndipo Chiswahili chili ndi masamba ochuluka kwambiri kuposa ife, ndiye chimatikwirira. Mankhwala ake ndi osavuta: phatikizani kamawu komwe ndi kathu tokha, monga "komanso", "chifukwa", "zomwe" kapena "akuti". Timawu timeneti sitisowa m'ndime iliyonse ya Chichewa, ndiye timakoka masamba a Chichewa n'kusiya enawo. Kakakhala m'zizindikiro zogwira mawu, Google amakakamizika kupeza tsamba lomwe kamawuko kalimodi.

```
mitengo ya chimanga "komanso"
```

Vuto lachiwiri ndi la mapangidwe a chilankhulo chathu. Ife timamata zonse pa mawu amodzi: wamangidwa, amangidwa, anamangidwa, adamangidwa, akumangidwa. Kwa inu ndi ine ndi nkhani imodzi. Kwa makina osakira ndi mawu asanu osiyana, ndipo sachenjera nawo momwe amachenjerera ndi Chingerezi. Choncho posaka tsamirani pa mayina a zinthu ndi malo, omwe sasinthasintha. "Apolisi Dedza chamba" imagwira bwino kuposa chiganizo chonse choti "munthu yemwe anamangidwa ndi chamba ku Dedza".

Onjezani apo kalembedwe kathu kosagwirizana. Wina alemba feteleza, wina fetereza. Kolera, kolela. Mawu, mau. Kudzala, kubzala. Anzathu a ku Zambia amalemba c pomwe ife timalemba ch, ndiye chipatala kwa iwo ndi cipatala, ndipo chilankhulocho amachitcha Cinyanja. Mukasaka ndi kalembedwe kamodzi kokha mwataya theka la zomwe zilipo. Gwiritsani ntchito `OR`, m'zilembo zazikulu:

```
feteleza OR fetereza "chimanga"
```

Koma chida chomwe chimandipulumutsira bandulo kuposa zonse ndi `site:`. Chimauza Google kuti asake mkati mwa tsamba limodzi lokha lomwe inu mwalikhulupirira kale. Ndipo timapepala ta maunduna ndi mabungwe, tija amagawa ku sikelo kapena kwa alangizi a zaulimi, nthawi zambiri timakhala ta PDF, ndiye `filetype:pdf` imatifukula.

```
site:mwnation.com kolera
malungo "zizindikiro" filetype:pdf
```

Chenjezo kwa a bandulo ya tsiku limodzi: PDF yokhala ndi zithunzi imadya deta, onani kukula kwake musanadine.

Zilankhulo zina, ndi misampha ya mayina

Chitumbuka chili ndi Wikipedia yake pa `tum.wikipedia.org`, ndipo chodabwitsa n'chakuti ili ndi nkhani zambiri kuposa ya Chichewa. Musatengeke ndi chiwerengero, zambiri mwa nkhanizo ndi zazifupi. Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, zolembedwa zake pa intaneti ndi za Baibulo kwambiri, zina zonse muzipeza zomvetsera, m'mapulogalamu a wailesi ndi m'mavidiyo. Posaka musalembe `Yao` pokha, akubweretserani mtundu wa anthu a ku China ndi wosewera basiketibolo Yao Ming. Lembani `Chiyao` kapena `Ciyawo`. Chitonga ndiye msampha weniweni, chifukwa Chitonga cha ku Nkhata Bay n'chosiyana ndi cha kummwera kwa Zambia ndi ku Zimbabwe, ndipo `to.wikipedia.org` ndi ya chilankhulo cha zilumba za Tonga ku nyanja ya Pacific, chosagwirizana ndi zathu n'komwe. Masamba osamala amalemba kuti `Tonga (Malawi)` kapena `Tonga (Nyasa)`.

Werengani adiresi musanawerenge nkhani

Adiresi ya tsamba imawerengedwa chobwerera. Pezani kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa dzina, kenako yang'anani mawu omwe ali kumanzere kwake. Mwini tsamba ndi ameneyo. Taonani awa, achiwiriwo ndangopeka kuti muone kachitidwe kake:

```
health.gov.mw/
health.gov.mw.example.com/
```

Loyamba likuthera pa `gov.mw`, ndi la unduna wa zaumoyo. Lachiwiri likuthera pa `example.com`, kutanthauza kuti mwini wake ndi yemwe ali ndi `example.com`, ndipo zonse zakutsogolozo wangozimata kuti mupusitsike. Pa foni ndiye zimavuta kwambiri chifukwa adiresi imadulidwa, mumangoona koyambirira kokha. Dinani pa adiresiyo muione yonse. Malinki aja akuti "boma likugawa ndalama, lembetsani apa" kapena "ntchito 500 zatuluka, tumizani kwa anthu 10" amagwera pamenepa pafupifupi onse.

Kaloko kaja kamaoneka pafupi ndi adiresi musakatenge ngati chidindo cha chilungamo. Kamangotanthauza kuti zomwe mukutumiza sizikuwerengedwa panjira. Wakuba nayenso amakhala nako, n'kaulere.

Chichewa cha makina

Apa ndiye pagona nkhani. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndipo Chitumbuka chinalowa mu 2024. Kuyambira pamenepo eni masamba akunja, omwe amadyera pa zotsatsa malonda, amangotenga tsamba lawo la Chingerezi n'kulimwaza m'zilankhulo zonse zomwe makina akudziwa. Sakufuna kukuthandizani, ndipo mwina sakufunanso kukunamizani. Akungofuna mudine. Palibe munthu wodziwa Chichewa yemwe anawerengapo zomwe zatulukazo, ngakhale mmodzi.

Chizindikiro chachangu chili pa kabokosi kosankhira chilankhulo. Mukakatsegula n'kupeza mndandanda wa zilankhulo pafupifupi 100, kuyambira Afrikaans mpaka Zulu, pa tsamba loti silikunena ngakhale dzina la mwini wake, dziwani kuti ndi makina. Kulemba anthu omasulira m'zilankhulo 100 ndi ndalama zankhaninkhani, amakwanitsa ndi mabungwe akuluakulu odziwika, osati tsamba la maphikidwe a keke. Chachiwiri, yang'anani `/ny/` kapena `ny.` mu adiresi. Ichi ndi chidule cha Chinyanja. Pachokha si mlandu, masamba abwino nawonso amachigwiritsa ntchito, koma chimakupatsani khomo: chotsani `ny`, kapena ikanipo `en`, ndipo kawirikawiri nkhani yoyambirira ya Chingerezi imatulukira. Mukaipeza, mwapeza gwero, ndipo mutha kuona zomwe zinatayika panjira.

Chachitatu ndi khutu lanu. Makina amapunthwa pa mawu a Chingerezi okhala ndi matanthauzo awiri, ndiye mupeza kasupe wa madzi pomwe amanena nyengo ya chaka, kapena nkhukundembo pomwe amanena dziko la Turkey. Amasinthasintha ulemu, ndime iyi akuti "inu", yotsatira akuti "iwe". Chinthu chimodzi amachitcha mayina atatu m'nkhani imodzi. Ndiponso nkhaniyo imakhala ya dziko lina: malangizo a ulimi okamba za chipale chofewa, mitengo ya m'madola, mbewu zodzala mu Epulo pomwe ife timadzala ndi mvula yoyamba cha mu Novembala kapena Disembala. Mlimi wa ku Kasungu atatsatira kalendala imeneyo ndiye kuti walira.

Komabe ndinene poyera kuti khutu lokha silikwanira masiku ano. Makinawa apita patsogolo, ziganizo zambiri zimatuluka zosalala. Ndipo mbali inayo, mtolankhani weniweni wa pa wailesi ya m'mudzi atha kulemba Chichewa chokhotakhota, l ndi r osokonezeka, koma nkhani yake ili yoona chifukwa anali pomwepo. Kalembedwe kamakuuzani za yemwe walemba. Za kuona kwa nkhani muyenera kufufuza padera.

Tiyese ndi nkhani yoti ingaphe munthu

Mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo dzinja lililonse matenda otsegula m'mimba amabwerera m'matauni mwathumu. Ndiye tiyerekeze kuti ndi usiku, mwana wa achemwali anu akutsegula m'mimba, m'nyumba mulibe paketi ya Thanzi, magolosale atseka. Inu ndi amene muli ndi foni ya intaneti, aliyense akuyang'ana inu. Mwasaka za madzi a mchere ndi shuga ndipo mwapeza tsamba la Chichewa likuti: lita imodzi ya madzi, masupuni 6 a shuga, theka la supuni ya mchere.

Likumveka bwino, eti? Manambalanso akufanana ndi omwe munamvapo. Koma supuni yake iti? M'Chingerezi muli mawu awiri osiyana, `teaspoon` ndi `tablespoon`. Yoyambayo ndi kasupuni ka tiyi, ka mamililita 5. Yachiwiriyo ndi supuni yaikulu, ya mamililita 15. M'Chichewa zonse ndi supuni, ndipo womasulira wosasamala, kaya ndi makina kaya ndi munthu, atha kutaya kusiyana kumeneku. Mukatenga supuni yodyera phala, mchere ndi shuga zonse zichuluka katatu. Mchere wochuluka chonchi ndi woopsa kwa mwana yemwe watha kale madzi m'thupi, ndipo shuga wochuluka amawonjezera kutsegulako.

Choyamba ndingachite ndi kuyang'ana adiresi ndi kabokosi ka zilankhulo. Ngati pali `/ny/` ndi zilankhulo 100, ndichotsa `ny` ndione Chingerezi chake. Tinene kuti chalemba `teaspoon`. Apo ndadziwa zomwe mlembi ankatanthauza, koma sindinadziwe ngati mlembiyo akudziwa zomwe akunena. Ndiye ndifunafuna dzina lake ndi tsiku lomwe analemba. Tsamba la zaumoyo lopanda dzina la munthu kapena bungwe, lopanda tsiku, lodzaza ndi zotsatsa za njuga, silingakhale mboni yokhayo pa moyo wa mwana.

Chachiwiri ndituluka pa tsambalo. Ichi ndinachiphunzira m'zaka zomwe ndinali ku yunivesite fizi isanandithamangitse: tsamba silingadzichitire lokha umboni. Kuwerenga zomwe likunena za ilo lokha kuli ngati kufunsa wogulitsa tomato ngati tomato wake ndi wabwino. Ndisaka mfundo yomweyo kwa omwe ndi ntchito yawo:

```
site:who.int oral rehydration sugar salt teaspoon
```

Malangizo omwe a WHO ndi UNICEF amapereka ndi awa: lita imodzi ya madzi aukhondo, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga, ndi theka la kasupuni ka tiyi ka mchere, zonse zosalazidwa pamwamba kuti zikhale zafulati, osati zamulu. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a mamililita 500. Inde, apa tadutsira m'Chingerezi, ndipo palibe manyazi. Pa nkhani ya muyezo, Chichewa cha pa intaneti chikadali chochepa moti nthawi zina mboni yachiwiri simungaipeze m'chilankhulo chathu.

Mukamasaka mutha kukumananso ndi zolemba zonena timasupuni 8 ta shuga. Izi sizabodza, ndi muyezo womwe mabuku ena akale ankaphunzitsa. N'chifukwa chake tsiku limafunika. Tsamba litha kukhala la anthu oona mtima koma lakalamba, ndipo masamba a Chichewa amakalamba msanga chifukwa ambiri anamasuliridwa kamodzi, pa ndalama za polojekiti inayake, polojekiti itatha palibe anabwereranso kudzakonza. Zomwezi zimachitika ndi mitengo ya mafuta, masiku a mayeso a MANEB, ngakhale malamulo a pasipoti.

Samalaninso ndi kuwerenga mboni molakwika. Mukapeza masamba anayi a Chichewa akunena zofanana liwu ndi liwu, si mboni zinayi. Ndi mboni imodzi yokoperedwa kanayi. Tengani chiganizo chimodzi, chiikeni m'zizindikiro zogwira mawu, musake. Muona onse omwe anakopera, ndipo wa tsiku lakale kwambiri ndiye gwero.

Pa nkhani ya mwanayo, madzi opanga nokhawo ndi ongogwirizira usiku. Paketi ya Thanzi ndi yabwino kuposa, chifukwa muyezo wake unayezedwa kale, mumangosungunula mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ndipo mwana wofooka, wolowa maso, wokana kumwa kapena wotsegula zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, ameneyo ndi wa ku chipatala nthawi yomweyo, osati wa pa Google. Pali Chipatala Cha Pa Foni, komwe mumalankhula ndi azaumoyo m'chilankhulo chathu mwaulere.

Masamba a Facebook ndi Wikipedia

Popeza Chichewa chathu chambiri chili pa Facebook, dziwani kamalo kotchedwa `Page transparency`, kamapezeka pansi pa `About`. Kamaonetsa tsiku lomwe peji inatsegulidwa ndi mayina onse omwe inakhalapo nawo, ndipo pa mapeji akuluakulu kamaonetsanso mayiko komwe oyendetsa ake ali. Peji yodzitcha dzina la wailesi yotchuka koma inatsegulidwa mwezi watha, kapena yomwe chaka chatha inali yogulitsa nsapato za kaunjika lero yasanduka ya nkhani, mwaigwira. Anthu amakuza peji ndi nthabwala, ikafika pa otsatira ambiri n'kuisintha dzina kapena kuigulitsa. Oyendetsa kukhala ku Joni kapena ku Mangalande si mlandu, abale athu ambiri ali kumeneko, koma akamalemba za moto wa pamsika wathu ngati anaona ndi maso, funsani kuti anamva kwa ndani.

Sikirinishoti ndiye musaiwerengere n'komwe ngati tsamba. Ilibe adiresi yoti mudine, ndipo kumata chizindikiro cha nyuzi pa mawu opeka ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Pitani pa peji yeniyeni ya nyuziyo mukaione nokha. Ngati kulibe, mwina anaichotsa, mwina sinakhaleko. Chithunzi chokayikitsa chiponyeni pa Google Lens, nthawi zambiri mupeza kuti "ngozi ya lero" ndi ya zaka zitatu zapitazo ku dziko lina.

Wikipedia ili ndi ubwino umodzi womwe ena onsewa alibe: mbiri ya nkhani iliyonse ili poyera. Onjezani izi kumapeto kwa adiresi ya nkhaniyo:

```
?action=history
```

Muona amene analemba, liti, ndi kangati yakonzedwa. Pa Wikipedia ya Chingerezi nkhani yotchuka imadutsa m'manja mwa anthu mazana, wina akanama wina amafufuta. Pa ya Chichewa mupeza nkhani zambiri zinalembedwa ndi munthu mmodzi tsiku limodzi, palibe anabweranso. Nkhani yotero itengeni ngati mawu a munthu mmodziyo, ndipo tsikirani m'munsi muone ngati watchula komwe anazitenga. Ngati watchula, dinani linkiyo, chifukwa zimachitika kuti linki ilipo koma tsamba lake linafa kalekale. Likakhala lakufa, koperani adiresi yake muiike pa `web.archive.org`, komwe amasunga makope akale a masamba, ndipo nthawi zambiri mulipeza momwe linalili lisanafe.